KALATA YOTULUKIRA M'CIPATALA: MAKINA OMASULIRA AMAPHONYA PATI?

Munthu akagonekedwa m'cipatala, tsiku limene a dotolo amulola kupita kwao amalemberedwa kalata. Kalatayo imanena matenda amene anamupeza nao, zimene anamucita ali m'cipatala, mankhwala oti akamwe, mankhwala oti aleke, ndi tsiku loti akabwerenso kudzaonedwa. M'zipatala za dziko lino kalata zotere zimalembedwa m'Cizungu, ndipo odwala ambiri amabwerera nazo kumudzi osamvetsa zimene zalembedwamo.

Masiku ano kuli makina omasulira zinenero, opezeka m'foni ndi m'kompyuta. Odziwika kwambiri ndi a Google Translate, amene anayamba kumasulira Cicewa m'caka ca 2014. Motero mwana wa sukulu angathe kujambula kalata ya agogo ake, ndipo m'kamphindi kocepa mau a Cinyanja aonekera pa galasi. Mauwo amaoneka osalala, ndipo woawerenga alibe cifukwa cowakayikira. Ngozi yagona pamenepo. Makina akaphonya sacita cibwibwi, ndiponso sapepesa. Ciganizo colakwika cimatuluka cokongola mofanana ndi colondola.

ZIMENE ANAPEZA OFUFUZA

M'caka ca 2014 madotolo awiri a ku Nottingham, m'dziko la Britain, anatenga ziganizo 10 zimene zimanenedwa kawirikawiri m'cipatala, naziika m'makina a Google kuti azimasulire m'zinenero 26. Zolondola zinangopitirira theka pang'ono. Zinenero za mu Afirika ndizo zinatsalira kwambiri, ndipo m'Ciswahili ciganizo cimodzi cokha mwa 10 ndico cinatuluka bwino. Mau ouza kholo kuti mwana wake akugwa ngati wa khunyu anatuluka m'Ciswahili akunena kuti mwanayo wamwalira.

Kuyambira m'caka ca 2016 makinawo anasinthidwa kapangidwe, ndipo anayamba kumasulira bwino koposa kale. Madotolo a pa yunivesite ya California ku San Francisco anawayesanso, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 2019. Iwo anatenga malangizo 100 amene odwala anapatsidwa potuluka m'cipinda ca matenda a mwadzidzidzi. Onse pamodzi anali ziganizo 647. M'Cisipanishi, ziganizo 92 pa 100 zilizonse zinali zolondola, ndipo m'Cichaina zinali 81. Koma ziganizo 2 pa 100 m'Cisipanishi, ndi 8 pa 100 m'Cichaina, zinali zolakwika mwa njira yoti zikanavulaza wodwala.

Kufufuza kwina, kofalitsidwa m'caka ca 2021 ndi madotolo a ku Los Angeles ndi anzao, kunaonetsa kuti cinenero ndi cinenero cimasiyana. Cisipanishi cinafika pa 94, koma Ciameniya cinathera pa 55. M'Cichaina dzina la mankhwala oletsa magazi kuundana, `Coumadin`, linasanduka soya, kotero kuti wodwala anali kuuzidwa kuti aleke kudya soya m'malo moleka mankhwala amene anali atamuculukira m'magazi.

Ziwerengero izi ndi za zaka zimenezo, ndipo makina akhala akukonzedwabe. Koma pali mfundo ziwiri zimene awerengi ayenera kuzisunga. Yoyamba ndi yakuti cimene cinayesedwa ku California ndi malangizo olembera wodwala mwini wake, m'mau amene dotolo anayesetsa kuwafewetsa. Kalata yotulukira m'cipatala ndi yolimba koposa, pakuti dotolo amailembera dotolo mnzake kapena namwino wa ku kiliniki. Yaciwiri ndi yakuti makina amaphunzira powerenga miyandamiyanda ya ziganizo zimene anthu anamasulira kale. Cisipanishi cili ndi nkhokwe yodzaza. Cinyanja cili ndi zolembedwa zocepa, ndipo mwa zocepazo zambiri ndi za cipembedzo ndi nkhani za m'manyuzipepala. Za mankhwala ndi zowerengeka.

KALATA YA CITSANZO

Kuti tione bwino pamene makina amapunthwa, tiyeni tiyerekeze bambo wina wa zaka 68 amene anagonekedwa atatupa miyendo ndi kupuma movutikira. Iye ali ndi matenda a mtima ndi a shuga, ndipo impso zake zinafooka koma zayamba kucira. Kumapeto kwa kalata yake kwalembedwa motere:

```
Dx: CCF, DM2, AKI (resolving)
No chest pain, fever or cough
Furosemide 40 mg OD
Metformin 500 mg BD - hold until r/v
Stop ibuprofen
R/V 2/52 with U&E
Return if SOB or wt gain >2 kg in 3/7
```

Namwino aliyense angawerenge mizere 7 imeneyi mosavuta. Koma taonani kuti mulibe ciganizo cathunthu cofanana ndi za m'buku. Muli zidule ndi manambala basi. Makina anaphunzira pa ziganizo zathunthu, ndipo nchito yao ndi kusankha mau amene kawirikawiri amatsatana. Sadziwa kuti pali impso yodwala. Akakumana ndi cidule, amacisiya momwe ciliri, kapena amalota tanthauzo lake, kapena amangocitaya osanena kanthu.

LIU LIMODZI, MATANTHAUZO AWIRI

Mzere woopsa kwambiri ndi wacinayi. Metifomini ndi mankhwala a shuga amene amacoka m'thupi kudzera mu impso. Impso zikafooka, mankhwalawo amaunjikana m'magazi ndipo angathe kuwawasitsa magaziwo mpaka munthu kudwala mwakayakaya. Ndiye cifukwa cake dotolo walemba `hold`. M'cinenero ca m'cipatala liuli litanthauza kuti lekani kumwa kwa kanthawi. Koma m'Cizungu ca masiku onse litanthauza kugwira kapena kusunga, ndipo tanthauzo limenelo ndilo makina anakumana nalo kambirimbiri pophunzira. Motero angathe kulemba kuti «gwirani» kapena «sungani metifomini mpaka tsiku lobweranso». Wodwala akamva kuti asunge mankhwala, ndipo pa mzere womwewo pali muyeso wake, adzaganiza kuti apitirize kumwa.

Colakwa cimeneci si congopeka. Ofufuza a ku San Francisco anacipeza ndithu. Dotolo analemba kuti wodwala ayambe waleka mankhwala a impso mpaka ataonana ndi dotolo wa impso, koma m'Cichaina munatuluka mau akuti apitirize kumwa.

Cinyanja cathu naco cili ndi misampha yake, ndipo mzere waciwiri uli nayo iwiri. Liu lakuti cifuwa limachula ciwalo ca thupi, limachulanso matenda otsokomola. Mzere umene m'Cizungu ukusiyanitsa kupweteka kwa pa cifuwa ndi kutsokomola ungatuluke uli ndi «cifuwa» kawiri, kapena makina angagwirizanitse ziwirizo kukhala cimodzi. Msampha wina ndi wa liu lakuti malungo. Anthu ambiri amati malungo ponena kutentha thupi kwa mtundu uliwonse, koma m'cipatala malungo ndi matenda obwera ndi udzudzu. Makina akalemba «malungo» pamene dotolo ananena kutentha thupi cabe, kalatayo yachula matenda amene sanapimidwe nkomwe.

Comwecinso ndi `CCF` pa mzere woyamba. Cidule cimeneci cinena mtima wofooka, umene sukupopa magazi mokwanira, kotero kuti madzi amadzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Cikamasulidwa liu ndi liu cimatuluka kuti mtima walephera, ndipo acibale angamve ngati munthu wao watsala madzi amodzi. Womasulira wodziwa nchito amalemba kuti mtima sukupopa magazi mwamphamvu.

KUKANA KUMENE KUMASOWA

Mzere waciwiri womwewo wayamba ndi `No`, ndipo liu limodzi limeneli likuphimba zinthu zitatu. Wodwala alibe kupweteka pa cifuwa, alibe kutentha thupi, ndiponso sakutsokomola. Makina angathe kukana coyamba cokha, nasiya zinazo zikuoneka ngati zilipo. Namwino wa ku kiliniki akawerenga kalata yotere adzayamba kufunafuna matenda amene palibe.

M'Cinyanja kukana kumakhala m'kati mwa liu, ndipo ndi kacidutswa kakang'ono. Pakati pa «mumwe» ndi «musamwe» pali zilembo ziwiri zokha. Pakati pa «muleke kumwa» ndi «musaleke kumwa» ndi comweco. Diso lothamanga silingaone kuti zilembozo zasowa kapena zalowa pamene siziyenera. Pa kalata ya bambo wathu, mzere wacisanu ukuti aleke ibupulofeni, cifukwa mankhwala opha ululu amenewa amapweteka impso ndipo amasungitsa madzi m'thupi la munthu wa mtima wofooka. Mzerewu ukatembenuka, bamboyo adzabwerera ku cipatala miyendo itatupanso.

MANAMBALA AMENE SI MANAMBALA WAMBA

Anthu ambiri amaganiza kuti manambala sangasokonekere, poti 40 ndi 40 m'cinenero ciliconse. Koma taonani mizere iwiri yomaliza. Madotolo ophunzira mwa dongosolo la ku Britain, monga ambiri a kuno, akalemba `2/52` atanthauza masabata awiri, pakuti caka cili ndi masabata 52. Akalemba `3/7` atanthauza masiku atatu, pakuti sabata ili ndi masiku 7. Makina amangokopera manambalawo. Wodwala akaona 3/7 angaganize kuti ndi pa 3 Julayi, ndipo 2/52 sadzaimvetsa konse. Pamenepo makina sanalembe bodza, koma uthenga sunafike, ndipo tsiku lopimanso impso lidzapita bamboyo ali kumunda.

Zidule za kamwedwe nazo n'zoterera. `OD` pano itanthauza kamodzi pa tsiku, koma m'makalata ena itanthauza kumwa mankhwala mopyola muyeso, ndipo kwa madotolo a maso itanthauza diso la kumanja. `BD` ndi kawiri pa tsiku. Ikatuluka kuti «awiri pa tsiku» m'malo mwa «kawiri pa tsiku», munthu angameze mapiritsi awiri nthawi imodzi m'mawa. Cilembo cimodzi casintha kamwedwe konse.

Pali vuto linanso pamene kalata yajambulidwa ndi foni. Makina amayamba kuwerenga zilembo pa cithunzi asanamasulire, ndipo kadontho ka pakati pa manambala kangathe kusowa. Muyeso wa `2.5 mg` usanduka `25 mg`, ndiko kuti kuculukitsa kakhumi. Cizindikiro ca `>` pa mzere womaliza cikatayika, cenjezo lakuti thupi likalemera kupitirira makilogalamu 2 lataya mutu wake. Zolemba pamanja za madotolo, zimene ngakhale anthu zimawavuta, ndizo zimasokoneza makina kwambiri.

NCHITO YA WOPENDA

M'caka ca 2024 boma la America linaika lamulo lakuti zipatala zolandira ndalama za boma zikagwiritsa nchito makina pa zolembedwa zofunika kwambiri kwa wodwala, womasulira wodziwa nchito azipende zisanaperekedwe. Nzeru ya lamuloli ndi yothandiza kulikonse. Wopenda ayenera kudziwa zinenero zonse ziwiri, ndiponso kudziwa kalankhulidwe ka m'cipatala. Mphunzitsi wa Cizungu amene sadziwa `2/52` sangaone colakwa, ndipo dotolo amene Cinyanja cake ndi ca pamsika cabe sangasiyanitse «muleke» ndi «musaleke» akamawerenga mothamanga. Ngati palibe munthu mmodzi wodziwa zonsezi, akhale awiri pa tebulo limodzi.

Coyamba, wopenda ayambe ndi kalata ya Cizungu, asanayang'ane zimene makina alemba. Munthu akayamba kuwerenga Cinyanja cosalala, maganizo ake amakhazikika pa ico, ndipo akabwerera ku Cizungu amangoona zimene wakhulupirira kale. Pa kalata ya Cizunguyo alembe mzere pansi pa cidule ciliconse, ndipo cimene sakucidziwa bwino afunse amene analemba. Akulu anati safunsa anadya phula. Ofufuza a ku San Francisco anaona kuti zolakwa zinali kuculuka pamene Cizungu ca dotolo cinali ndi mau a m'cipatala okhaokha kapena zilembo zophonyeka. Conco mankhwala a vutoli amayambira pa kalata yoyambayo. Zidule zitambasulidwe kukhala ziganizo zazifupi, ciganizo cimodzi langizo limodzi, makina asanapatsidwe kanthu.

Caciwiri, awerenge malangizo mbali zonse ziwiri ndi kuona ngati ciwerengero cikufanana. Kalata ya bambo wathu ili ndi matenda atatu, mankhwala atatu, tsiku limodzi lobweranso, kupima magazi kumodzi, ndi zizindikiro ziwiri zoopsa. Ngati m'Cinyanja mwapezeka mankhwala awiri, cina catayika. Ngati mwapezeka langizo limene m'Cizungu mulibe, monga lakuti amwe madzi ambiri, makina aonjezera zao. Makina atsopano, amene amalemba ngati munthu, ali ndi cizolowezi codzaza mipata ndi mau omveka bwino, ndipo langizo la madzi ambiri ndi loipa kwa munthu amene mtima wake ukulephera kale kucotsa madzi.

Cacitatu, atenge mankhwala amodzi amodzi, cala cimodzi pa Cizungu, cina pa Cinyanja, ndi kufunsa mafunso asanu. Dzina ndi lomwelo kodi? Muyeso ndi womwewo? Amwa kangati pa tsiku? Kwa masiku angati? Ndipo ndi oyamba, opitiriza, oleka kwa kanthawi, kapena olekeratu? Funso lomalizali ndilo likanagwira colakwa ca metifomini. Dzina la mankhwala lisamasulidwe. Lilembedwe monga momwe liliri pa botolo, kuti wodwala athe kufanizira zilembo za pa kalata ndi za pa botolo.

Cacinayi, afunefune kukana konse. Pa Cizungu azungulize liu lililonse lokana kapena loletsa, kenaka apeze mnzake m'Cinyanja. Pamene kukana kumodzi kwaphimba zinthu zingapo, akubwereze pa ciliconse, ngakhale ciganizo citalike.

Cacisanu, asandutse nthawi zonse kukhala masiku enieni. M'malo mwa masabata awiri alembe tsiku la sabata, nambala ya tsiku, ndi dzina la mwezi m'mau. Alembenso malo oti wodwala apiteko ndi cimene akacite kumeneko.

Wopenda akatsata njira imeneyi, mbali ya malangizo ya kalata yathu idzamveka motere: «Bambo, mtima wanu sukupopa magazi mwamphamvu, ndipo impso zanu zinafooka koma zikucira. Imwani `Furosemide 40 mg` kamodzi pa tsiku. Awa ndi mankhwala okodzetsa, ocotsa madzi m'thupi. Musamwe `Metformin` kufikira a dotolo atakuonaninso ndi kukuuzani kuti muyambenso. Lekeranitu kumwa `Ibuprofen`. Mubwere ku cipatala pakapita masabata awiri kuti adzakupimeni magazi ndi kuona mmene impso zikugwirira nchito. Mukayamba kupuma movutikira, bwerani msanga, musadikire tsikulo. Mubwerenso msanga mukaona pa sikelo kuti mwalemera kupitirira makilogalamu 2 m'masiku atatu.» Pamene pali masabata awiri wopenda aikepo tsiku lenileni. Onani kuti muyeso wa metifomini waucotsa dala pa tsamba la wodwala, a dotolo atavomereza, pakuti muyeso wolembedwa pambali pa mankhwala oletsedwa umaitana munthu kuti amwe.

NJIRA IMENE IMANYENGA

Ena amati njira yacidule ndi kubweza Cinyanja m'makina omwewo kuti cisandukenso Cizungu, ndipo cikafanana ndi coyamba ndiye kuti zonse zili bwino. Njira imeneyi si yodalirika. Makina amene anasandutsa `hold` kukhala «gwirani» adzasandutsanso «gwirani» kukhala `hold`, ndipo `3/7` idzapita ndi kubwerera osasintha. Woyang'ana adzaona Cizungu cofanana mbali zonse ziwiri, pamene wodwala wapatsidwa uthenga wosokonekera. Kubweza kungaonetse mzere umene watayika, koma sikungatsimikize tanthauzo.

Kuyesa koona ndi kwa pakamwa. Namwino awerengere wodwala kalatayo, pamodzi ndi amene adzamusamalira kunyumba, kenaka awapemphe kuti anene m'mau ao zimene adzacita akafika kwao. Asafunse kuti «Mwamva kodi?», pakuti mwa ulemu aliyense amayankha kuti wamva. Afunse kuti, «Bambo, mawa m'mawa mudzamwa mankhwala ati? Nanga a shuga aja mudzatani nao?» Yankho lidzaonetsa ngati kalata yagwira nchito. Pamenepo ndi pamenenso padzaoneke ngati mau ake ndi a kwao kwa wodwalayo, pakuti Cinyanja ca mu Lusaka, ca ku Cipata ndi ca ku Lilongwe cimasiyana m'mau ena, ndipo makina sadziwa kumene wodwala acokera.

CINSINSI CA WODWALA

Kalata yotulukira m'cipatala ili ndi dzina la munthu, zaka zake, nambala yake ya ku cipatala ndi matenda ake. Ikaikidwa m'makina a pa intaneti, mauwo amatumizidwa ku makompyuta a kampani ina, kawirikawiri kunja kwa dziko. Zambia inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu m'caka ca 2021, ndipo mbiri ya umoyo wa munthu ili m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera. Wanchito wa m'cipatala afufute dzina ndi manambala onse odziwitsa munthu asanaike kanthu m'makina, ndipo atsate malangizo a cipatala cake.

Pomaliza, kalata ya Cinyanja isalowe m'malo mwa ya Cizungu. Ziwirizo zimangidwe pamodzi, ndipo wopenda alembepo dzina lake ndi tsiku limene anapenda, kuti namwino wa ku kiliniki adziwe wofunsa akapeza cosiyana. Kwa acibale amene amamasulira kalata ndi foni kunyumba, langizo ndi ili: zimene makina anena pa za mankhwala ndi tsiku lobweranso musazitsate musanazionetse kwa namwino kapena wopereka mankhwala wa pa kiliniki ya pafupi ndi kwanu. Tengani kalata ya Cizungu pamodzi ndi mabotolo onse a mankhwala, akale ndi atsopano, kuti akuonetseni ndi cala oti mumwe ndi oti muike pambali.